Chikombole cha Mawu: Kuti Zithunzi za Makeke Anu Zifanane

Kwa Kuntumanji keke imagulidwa pa foni isanalowe n'komwe mu uvuni. Wa chinkhoswe ali ku Songani, wa phwando la mwana ali ku Domasi, wina ali mu tauni ku Zomba koma ukwati ukachitikira kumudzi kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Onsewa sabwera kudzalawa. Amaona chithunzi pa WhatsApp, kufunsa mtengo, kutumiza ndalama ya chikole pa Airtel Money kapena pa Mpamba, basi oda yalowa.

Gulu lathu ndi la anthu anayi, ndipo aliyense ali ndi foni yake. Tinapeza vuto limene ndikudziwa kuti magulu ena ophika alinalo. Keke zathu zimachokera mu uvuni umodzi, muyezo wa ufa ndi shuga ndi umodzi, koma zithunzi zake zinkaoneka ngati za mabekale anayi osadziwana. Wina wajambulira m'khitchini, kumbuyo kukuoneka mbaula ndi ndowa. Wina wajambula usiku ndi fulashi, aisingi woyera akunyezimira ngati beseni lonyowa. Titayamba kukonzetsa zithunzi ndi makina a AI, monga ChatGPT ndi Gemini, amene amalandira chithunzi n'kuchisintha potsatira mawu amene mwalemba, zinthu zinafika poipa. Aliyense ankalemba mawu ake. Mmodzi analemba kuti chithunzi chikhale chokongola kwambiri, ndipo keke ya nsanjika imodzi inabwera itakhala pa tebulo la nsangalabwi, pamwamba pake pali masitiroberi asanu amene sitinaikepo. Chithunzicho chinapita pa Status tisanachione bwino. Mayi wina anaitanitsa keke yomweyo, ndipo tsiku lotenga anafunsa mwaulemu kuti, "Nanga zipatso zija zili kuti, mayi?" Masitiroberi amagulitsidwa kuphiri kwa Zomba, si kuno kudambo la mpunga. Tinachita manyazi, ndipo tinamubwezera gawo la ndalama.

Chimene chinatithandiza ndi chimene ndachitcha chikombole cha mawu. Woumba njerwa sayeza njerwa iliyonse ndi diso. Amakhoma chikombole kamodzi, ndipo aliyense woumba, kaya ndi bambo kaya mwana, njerwa imatuluka yofanana. Mawu amene mumalembera makina, omwe achinyamata amati pulomputi, nawonso angathe kukhomedwa kamodzi. Gawo lalikulu silisintha, ndipo pamatsala mipata inayi yokha yoti wojambula adzaze malinga ndi keke ya tsikulo.

Musanafike pa mawuwo, mvetsani kaye zimene makinawa amachita ndi chithunzi chanu. Sadula keke n'kuimata pa tebulo lina ngati mwana wodula chithunzi m'nyuzipepala. Amajambulanso chithunzi chonse mwatsopano, akuyang'ana chanu chija ngati chitsanzo. N'chifukwa chake maluwa asanu ndi limodzi angathe kubwera ali asanu ndi awiri, ndipo chilembo chimodzi chingathe kusintha. Mukawapatsa ntchito yambiri, amasinthanso zambiri. Mukawapatsa chithunzi chabwino kale n'kuwapempha zochepa, keke imatsala momwe ilili. Ndiye ntchito yeniyeni imayambira pa khonde, foni isanatsegule intaneti.

Sankhani malo amodzi ojambulirapo, ndipo asasinthe. Ife tinasankha pa khonde la nyumba yomwe muli uvuni, pamthunzi, pomwe kuwala kumalowa kuchokera kumanzere kwa wojambula. Dzuwa lisawombe keke mwachindunji, chifukwa limabweretsa mthunzi wakuda bii, komanso m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kirimu wa majarini sachedwa kufewa n'kuyamba kutsetsereka m'mbali. Nthawi yabwino ndi pakati pa 8 koloko ndi 10 koloko m'mawa. Keke ikatha usiku, idikire mpaka kuche. Babu la sola limaonetsa aisingi woyera ngati wobiriwira pang'ono, ndipo babu lachikasu limamusandutsa wa mtundu wa dzira. Fulashi muzimitse.

Kumbuyo kwa keke ikani nsalu yopanda maluwa, yoyera kapena yotuwa. Tinayesapo chitenje chofiira poganiza kuti makina adzachichotsa. Anachichotsadi, koma kufiira kwake kunali kutagwera kale pa aisingi, ndiye keke yoyera inatuluka yapinki mbali imodzi. Makina sadziwa kuti kufiirako ndi kwa chitenje, amaona ngati ndi mtundu wa keke.

Pa tebulo lembani mtanda waung'ono ndi choko pomwe pakati pa bolodi la keke pazikhala. Pansi pa khonde lembaninso mzere pomwe wojambula aziponda, ngati sitepe imodzi kuchokera pa tebulo. Foni ikhale pa `1x`, osakokera chithunzi pafupi ndi zala, ndipo musayandikitse foni kwambiri, chifukwa kamera ya foni ikayandikira imatupitsa mbali yapafupi, keke yozungulira n'kuoneka ngati yapendekeka. Keke ya nsanjika imodzi yokhala ndi mawu pamwamba muijambule mutakweza foni pang'ono, kuti pamwamba ndi m'mbali zonse zioneke. Ya nsanjika ziwiri kapena zitatu muijambule mutatsitsa foni kufika pa msinkhu wa keke, kuti kutalika kwake kuoneke. Ndipo pukutani diso la kamera ndi nsalu youma. Manja a wophika amakhala ndi mafuta, ndipo chithunzi chachifunga chimakakamiza makina kungopeka zimene sakuziona bwino.

Tsopano chikombole chenicheni. Chili m'Chingerezi chifukwa makinawa amatsatira Chingerezi mosaphonya kusiyana ndi Chichewa, pakuti anaphunzira pa zolembedwa zambiri za chilankhulo chimenecho. Musadandaule ngati Chingerezi chimakuvutani. Simudzachilemba tsiku ndi tsiku, mudzangokopera n'kudzaza mipata.

```
KEKE v3
Edit the attached photo of a real cake.
Keep the cake exactly as it is: same shape,
height, colours, decorations and writing.
Change only the background and the light.
Background: plain cream wall, light wooden table.
Light: soft daylight from the left, soft shadow.
Cake in the centre, whole board visible, square 1:1.
Add nothing to the cake or the table.
Tiers: [ ]
Icing colour: [ ]
Decorations: [ ]
Writing on the cake: "[ ]"
```

Mzere woyamba ndi dzina la chikombole ndi nambala yake, ndipo ndibwereranso pa nambalayo. Mizere yotsatira ikuuza makina kuti chithunzi mwatumizachi ndi cha keke yeniyeni, ndipo keke isasinthe: maonekedwe, kutalika, mitundu, zokongoletsa ndi mawu olembedwa zikhale momwemo. Chololedwa kusintha ndi kumbuyo ndi kuwala kokha. Kenako yatchula kumbuyo komwe tinagwirizana, khoma lopanda kanthu la mtundu wa kirimu ndi tebulo lathabwa lowala. Tinasankha khoma lotere chifukwa keke yoyera imaonekabe bwino patsogolo pake, ndipo ya chokoleti nayo siizimirira. Khoma loyera mbuu linkameza m'mphepete mwa keke ya ukwati.

Mzere wa kuwala ndi umene anthu ambiri amaulakwitsa. Tinalemba kuti kuwala kuchokere kumanzere chifukwa pa khonde lathu kumachokeradi kumanzere. Ngati kwanu kumachokera kumanja, sinthani `left` akhale `right`. Mukapanda kutero, makina amayenera kuchotsa mthunzi mbali ina ya keke n'kuupeka mbali inayo, ndipo pochita zimenezo amasalaza timizere ta mpeni, amasintha maluwa, keke n'kuoneka ngati ya pulasitiki. Mawu azigwirizana ndi zimene kamera inaona.

Tinasankha chithunzi cha mbali zinayi zofanana, chomwe ndi `1:1`, chifukwa chimakhala bwino mu `Catalogue` ya WhatsApp Business komanso pa Facebook, ndipo pa Status chimaoneka chonse osadulidwa. Mzere woti asaonjezere kanthu tinaulemba mwachidule dala. Poyamba tinkatchula zinthu chimodzichimodzi, kuti asaike masitiroberi, asaike makandulo, asaike maluwa. Mndandanda wotere sutha, ndipo nthawi zina kungotchula chinthu kumachititsa kuti chioneke m'chithunzi.

Mwina mwaona kuti m'chikombolemu mulibe mawu otamanda monga `beautiful`, `luxury` kapena `professional`. Tinawachotsa onse. Mawu oterewa amapatsa makina ufulu wotengera makeke a m'mahotela a kunja amene anawaona pa zithunzi zambirimbiri, ndipo ndi amene anabweretsa masitiroberi aja.

Mipata inayi yakumapeto ndi ya wojambula. Ntchito yake ndi kuuza makina zimene zilipo kale, kuti asapeke. Nachi chitsanzo cha keke imene tinaphikira mphunzitsi wina wopuma pa ntchito. Inali yozungulira, ya nsanjika imodzi, aisingi woyera, m'mphepete mwapinki wosakhwima, maluwa a aisingi 6 pamwamba, ndi mawu pakati. Mipata inadzazidwa motere:

```
Tiers: 1, round
Icing colour: white, pale pink border
Decorations: 6 pink icing roses on top
Writing on the cake: "Mafuno Abwino"
```

Werengani maluwa ndi chala, ndipo lembani nambala. Musalembe kuti maluwa angapo. Ngati keke ilibe mawu, lembani `none` pa mpata womaliza n'kuchotsa zizindikiro za `" "`, musausiye wopanda kanthu, chifukwa makina angathe kuikapo mawu a Chingerezi ofunira munthu tsiku labwino lobadwa. Kuti onse azilemba mofanana, tinalemba pa kapepala mawu ochepa a Chingerezi a mitundu ndi zokongoletsa zimene timagwiritsa ntchito kawirikawiri, n'kukamata pakhoma pafupi ndi shelefu ya mathini.

Chithunzi choyamba cha keke ya mphunzitsi chinabwera chooneka bwino ndithu. Khoma linali lija, tebulo lija, maluwa 6. Koma mnzathu wamkulu pagulu, yemwe ndiye amalemba mawu pa makeke, atakulitsa chithunzi ndi zala anati, "Achemwali, taonani apa. Ine sindinalembe chonchi." Mawu anali atasanduka "Mafuno Abwimo". Chilembo chimodzi chokha, koma kasitomala akachiona amaganiza kuti wophika sadziwa kulemba. Mawu a Chichewa ndi amene amavulala kwambiri, makamaka akalembedwa mopendeketsa ndi aisingi wopyapyala, chifukwa makina akalephera kuwerenga bwino chilembo alibe mawu odziwika oti ayerekezerepo.

Apa pali msampha wina. Mtima umafuna kungolemba pansi pomwepo kuti akonze chilembocho. Tinatero kangapo m'masiku oyamba, ndipo tinaona kuti chilembo chikakonzeka, china chimasokonekera: pinki wakhwima, keke yatalika pang'ono, bolodi lasintha mtundu. Kukonza kulikonse ndi kujambulanso, ndipo chithunzi chimanka chitalikira keke yeniyeni ngati uthenga wodutsa m'makamwa ambiri. Choyenera ndi kutsegula macheza atsopano pa `New chat`, kutumizanso chithunzi choyambirira cha kamera, ndi kumatanso chikombole. Tinatero, ndipo ulendo wachiwiri mawu anabwera olondola. Lamulo lathu ndi lakuti tiyese kawiri kokha. Zikakanika, timatumiza chithunzi cha kamera momwe chilili, titangochidula kuti chikhale cha mbali zofanana. Ngati munajambula bwino pa khonde, chithunzi chimenecho sichichititsa manyazi. Kuyesa kasanu kumadya bandulo, komanso mapulogalamu aulere amakhala ndi malire a zithunzi zimene mungakonzetse pa tsiku.

Macheza atsopano ndi ofunikanso pa keke iliyonse, ngakhale zonse zayenda bwino. Makina amakumbukira zimene zili m'mwamba mwa macheza omwewo. Mukatumiza keke ya chokoleti pansi pa ya pinki, musadabwe kuona kaduwa kapinki katamera pa chokoleti.

Pali njira ina yosavuta yopewera vuto la zilembo, yomwe tinaiganiza mochedwa. Keke imene mukufuna kuti ikhale yoonetsera malonda muijambule kawiri, koyamba mawu asanalembedwe. Chithunzi chopanda mawu ndicho chipite kwa makina ndi ku `Catalogue`. Chili ndi ubwino winanso: dzina la mwana wa kasitomala ndi zaka zake sizipita pa intaneti popanda chilolezo cha makolo. Keke yokhala ndi chithunzi cha nkhope ya munthu pamwamba musaitumize kwa makina n'komwe. Nkhopeyo imabwera itasintha, komanso si yanu yoti muipereke kwa kampani yakunja.

Chithunzi chisanapite kwa anthu, wina amene sanachikonzetse achione. Aike cha kamera ndi cha makina pambali, kapena aziona chimodzi kenako chinzake, ndipo ayambe ndi mawu, chilembo chimodzichimodzi. Kenako awerenge nsanjika ndi maluwa, aone ngati mtundu wa aisingi uli womwewo, ndipo ayerekeze kutalika kwa keke ndi m'lifupi mwa bolodi. Ichi chomaliza n'chobisika, koma ndi chimene chimakhumudwitsa ogula kwambiri. Makina amakonda kukweza keke. Ya masentimita 8 imaoneka ngati ya 12, ndipo wogula amawerengera alendo potengera chithunzi. Funso lomwe timadzifunsa ndi limodzi: wina akaitanitsa keke iyi lero, kodi titha kumupatsa yofanana ndi chithunzichi? Ngati yankho ndi ayi, chithunzi sichituluka. Malamulo a dziko lino oteteza ogula amaletsa kutsatsa malonda monyenga, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Koma kuno kumudzi nkhani siifika kutali choncho. Imathera pa chigayo ndi pa mjigo, ndipo ikafika kumeneko oda ya chinkhoswe chotsatira imapita kwina.

Chikombole chizikhala pamalo amodzi pomwe aliyense angachipeze. Ife tili ndi gulu la WhatsApp la anthu anayi okha, ndipo chikombole tinachiika ngati uthenga wapawokha, wopanda moni kapena mawu ena, kuti wokopera asatenge zosafunika. Tinaumata pamwamba ndi `Pin`, koma uthenga womatidwa choncho umachoka pakatha masiku 30 ngati mwasankha nthawi yaitali kwambiri, ndiye tinachilembanso mu `Group description`, momwe chimakhala mpaka wina achisinthe. Chilinso m'kope la maoda, pa tsamba lomaliza, chifukwa foni imatayika ndipo ina imafa.

Munthu mmodzi yekha ndiye aziloledwa kusintha gawo lokhazikika. Wina akaona kuti tebulo lakuda lingakhale bwino, anene pagulu, osangosintha pa foni yake. Wosunga chikombole ayese kusinthako pa zithunzi zitatu zakale, keke yoyera, ya chokoleti ndi ya nsanjika, ndipo asinthe mzere umodzi wokha pa nthawi, kuti adziwe chimene chabweretsa kusiyana. Zikakhala bwino, akweze nambala, `v3` ikhale `v4`, afufute chakale m'gulu. Nambalayi inatipulumutsa tsiku lina pamene zithunzi za mnzathu mmodzi zinkabwera ndi khoma loyera pomwe za ena zinali za kirimu. Tinangomufunsa kuti chake chayamba ndi chiyani. Anali akadali pa `v2`, chomwe anasunga m'foni mwake.

Gwirizananinso pa pulogalamu imodzi. Mawu omwewo mu ChatGPT ndi mu Gemini satulutsa khoma lofanana, ndipo Meta AI, yomwe inafika mu WhatsApp kuno ku Malawi mu 2024, nayo ili ndi kajambulidwe kake. Ngakhale mu pulogalamu imodzi, thabwa la tebulo limasiyana pang'ono chithunzi ndi chithunzi. Zimenezo zilibe vuto, makeke akaikidwa pamzere amaonekabe a nyumba imodzi. Koma makampaniwa amasintha makina awo osakuuzani, ndiye mukaona kuti zithunzi zayamba kubwera zachilendo chikombole chisanasinthe, bwererani ku zithunzi zitatu zoyesera zija. Zithunzi zina zimabwera ndi kachizindikiro pakona kosonyeza kuti zadutsa m'makina. Ife sitikachotsa, ndipo wofunsa timamuuza kuti kumbuyo n'kokonzedwa koma keke ndi yathu. Wofuna kuona chithunzi cha kamera timamutumizira.

Kwa amene foni yake siitha kutsegula mapulogalamuwa, kapena netiweki kwawo ndi yofooka, ajambule n'kutumiza kwa mnzake wokonzetsa. Koma atumize ngati `Document`, kapena asankhe `HD` asanatumize. WhatsApp imafinya chithunzi chotumizidwa mwanthawi zonse, timizere ta zilembo timafufutika, ndipo makina amayamba kupeka pomwepo. Pamodzi ndi chithunzi atumize mipata inayi itadzazidwa kale, chifukwa iye ndi amene keke ili patsogolo pake ndipo angathe kuwerenga maluwa. Wokonzetsa akamaliza abweze zithunzi zonse ziwiri m'gulu, cha kamera ndi chokonzedwa, kuti wachitatu aone asanalole kuti chipite pa Status.